Chipata cha bango chitatsekedwa, ife tinatsala mbali iti?

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkaphunzitsa ndakatulo ya David Rubadiri yotchedwa "Stanley Meets Mutesa" ngati nkhani ya kulandira mlendo. Pa bolodi ndinkalemba mitu itatu: kupirira pa ulendo, utsogoleri, ndi mtima wabwino wa munthu wa mu Afirika pamaso pa alendo. Ana ankakopera m'makope mwawo, mayeso akabwera ankayankha zomwezo, ine n'kumachonga. Palibe mwana amene anadandaula, ndipo inenso sindinkaona chosowa.

Amene simunaiwerengepo, nkhani yake ili motere. Mzungu wovala khaki akutsogolera mdipiti wa amtengatenga otopa, ovala nsanza, osenza mabokosi pamitu yometa. Masana dzuwa likuwotcha, usiku kukuzizira, udzudzu ukuwatsata. Tsiku lililonse chiweto chikugwa n'kusiyidwira miimba, masana aliwonse munthu wowonda ngati mafupa okhaokha akugwa n'kusiyidwa m'chigwa. Kenako akuona madzi a Nile ndi nyanja, mitima ikutsitsimuka, akufika kwa Mutesa mfumu ya Buganda, ufumu wa m'dziko la Uganda la lero. Anthu a m'mudzi akusuzumira kuseri kwa nthochi, ana kuseri kwa mipanda ya bango. Palibe amayi oimba. Ng'oma imodzi yokha ikulira kuitana bwalo. Chipata cha bango chikutseguka, pakhala chete pang'ono, mfumu yaitali ikugwira dzanja lowonda la mzunguyo n'kunong'ona mawu omulandira. Chipata chikutsekeka kumbuyo kwawo, ndipo mzere womaliza ukunena kuti maiko a azungu alowetsedwa.

Ine ndinkafika pa mzere womalizawu ndi mawu okwera, ngati munthu amene akulengeza kuti mkwatibwi wafika.

## Pa khonde ku Ntcheu

Rubadiri anamwalira pa 15 Seputembala 2018. Sabata yotsatira ndinapita kumudzi kukaona amalume, mlongo wawo wa mayi anga, amene anaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma. Ndinawapeza pa mphasa akuswa mtedza wa mbewu, kawailesi kali pambali, lichero lili pamiyendo. Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, moti mtedza ankausiyanitsa ndi zala, wofwapa uku, wabwino uku.

Titapatsana moni, iwo ndiwo anayambitsa nkhani ya malirowo. Anati anamva pa wailesi, ndipo anandifunsa ngati ndakatulo ija ya Mutesa ndili nayo. Ndinali nayo m'chikwama, m'buku limene ndinkaphunzitsira, chikuto chake chomata ndi selotepi.

"Tandiwerengera, mphwanga. Maso andikana."

Ndinawerenga monga ndinkachitira m'kalasi. Iwo anasiya kuswa mtedza, manja ali m'lichero. Nditamaliza sananene kanthu kwa kanthawi. Kenako anati ndibwereze ndime yomaliza yokha, koma pang'onopang'ono. Ndinabwereza.

"Chipatacho chatani?"

"Chatsekeka, amalume."

"Ndani ali mkati?"

"Mfumu ndi mzungu."

"Nanga ana aja amasuzumira pa mpanda? Nanga nkhalamba zija zinangogwedeza mutu? Nanga wolembayo waima pati poti akuona chipata chikutsekeka?"

Ndinayang'ananso tsambalo. Mawu ake akunena kuti chipata chinatsekeka kumbuyo kwawo. Kwawo, osati kwathu. Wolankhula mu ndakatuloyo watsala kunja, ndipo wowerenga watsala naye. Zimene akakambirane mkatimo sitikazimva. Mzere umenewu ndinali nditauwerenga kosawerengeka, koma sindinadzifunsepo kuti ine ndaima kuti.

Amalume anapitiriza, mawu ali pansi. Anati mu 1953 anali mnyamata wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo akukumbukira mmene akuluakulu ankakhalira pansi pa mtengo madzulo osaseka. Chinali chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, anthu akuda atachikana poyera. Chinalinso chaka chimene atsamunda anachotsa pa mpando Inkosi Gomani yachiwiri chifukwa cholimbana ndi chitaganyacho. Anati nkhani za dziko lathu zinkakambidwa ku London ndi ku Salisbury, m'zipinda zotseka, eni dziko n'kumangomva zotsatira zake.

"Ndiye ife tikamawerenga kuti chipata chatsekeka, sitinkamva za mlendo amene wapatsidwa mpando ayi. Tinkamva zimene tinkazidziwa kale. Iwe ukuwerenga ngati pali chikondwerero. Kodi wamvamo nthungululu mmenemo?"

Munalibe nthungululu. Ndakatuloyo imachita kunena yokha kuti kunalibe amayi oimba, ndipo imapereka chifukwa chake: dziko silinali lotsimikiza. Ine ndinkadumpha mawu amenewa chifukwa sankagwirizana ndi mutu wachitatu uja wa pa bolodi.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinkaganiza za ana onse amene anadutsa m'manja mwanga atanyamula tanthauzo lopepuka la ndakatulo yolemera chonchi. Nditabwerera kuntchito ndinayamba kufufuza mbiri ya zinthu ziwiri: tsiku limene Stanley anakumana ndi Mutesa, ndi zaka zimene Rubadiri anakhala ku Uganda.

## Zimene zinachitika mu Epulo 1875

Choyamba chimene ndinapeza chinandidabwitsa kwambiri. Kukumanako sikunachitike monga ndakatulo ikunenera.

Henry Morton Stanley, yemwe uja anapeza Livingstone ku Ujiji mu 1871, ananyamuka ku Bagamoyo mu Novembala 1874 ndi anthu oposa 300. Ulendo wa pamtunda unalidi woopsa, ndipo ambiri anafa ndi njala, matenda ndi nkhondo, ena anathawa. Mpaka apa ndakatulo ikugwirizana ndi mbiri. Koma atafika kumwera kwa nyanja ya Victoria, Stanley anasiya gulu lalikulu pa msasa, iye n'kukwera bwato lotchedwa Lady Alice ndi anthu ochepa. Ku Buganda anafika pa madzi, osati pa mdipiti wa anthu oyenda pansi. Mabwato a mfumu anamuchingamira panyanja. Ndipo malinga ndi zimene iye mwini analemba, pa doko panali khamu la anthu, mbendera, mfuti zowombedwa m'mwamba ndi ng'oma zambiri. Phokoso linalipo, lochuluka.

Tsono chete uja wa mu ndakatulo wachokera kuti? Wachokera kwa Rubadiri. Iye ndiye anazimitsa ng'omazo n'kusiya imodzi. Iye ndiye anachotsa khamu pa doko n'kuika ana osuzumira pa mpanda. Mlakatuli sanali kulemba lipoti la boma, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma wowerenga amene sakudziwa kuti tsikulo kunali phokoso sangaone kuti chetewo ndi dala. Amangoganiza kuti ndi mmene zinalili. Ukadziwa, umayamba kufunsa funso loyenera: n'chifukwa chiyani munthu wolemba patapita zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu anafuna kuti tsiku limenelo likhale la zii?

Yankho lili pa zimene zinatsatira, zimene Rubadiri ankazidziwa koma anthu a pa dokowo sakanazidziwa. Ali kwa Mutesa, Stanley analemba kalata yopempha kuti amishoni abwere ku Buganda. Kalatayo inatuluka mu nyuzipepala ya Daily Telegraph ku London mu Novembala 1875. Amishoni a Angilikani anafika mu 1877, ansembe a Katolika ochokera ku Falansa mu 1879. Mutesa anamwalira mu 1884, ndipo mwana wake Mwanga anapeza bwalo logawanika pakati pa Asilamu, Akatolika, Angilikani ndi otsata za makolo. Akhristu amene amakumbukira amaritiri a ku Uganda pa 3 Juni akukumbukira za mu 1886, pansi pa Mwanga yemweyu. Nkhondo za zipembedzo zinatsatira. Mu 1894 Buganda inalowa pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo Mwanga anakafera ku zilumba za Seychelles kumene anamuthamangitsira. Kuchokera pa kugwirana chanza kuja kufika pa kutha kwa ufulu wa Buganda sipanathe zaka makumi awiri.

Chete wa mu ndakatulo ndi wa munthu amene akudziwa mathero a nkhani, akuyang'ana anthu amene sakuwadziwa. Zili ngati kuyang'ana chithunzi cha m'bale wako chojambulidwa kutatsala sabata kuti adwale. Iye akumwetulira, koma iwe sungathe kuchiyang'ana mmene unkachionera kale.

## Mawu atatu a Chiswahili

Pali chinthu china chimene ndinkachidutsa chaka ndi chaka. Mfumu ikamalandira Stanley, mawu ake mu ndakatulo ndi akuti "Mtu mweupe karibu", kutanthauza kuti munthu woyera, takulandira. Ndinkauza ana kuti mlakatuli waika chilankhulo cha makolo pofuna kukometsa ndakatulo ndi fungo la kwathu. Koma chilankhulo cha Buganda ndi Chiganda. Mawu awa ndi Chiswahili, chilankhulo cha kugombe la nyanja ya mchere, mtunda wautali kwambiri kuchokera kwa Mutesa. Rubadiri anakulira ku Uganda, ndiye kusiyana kwa ziwirizi ankakudziwa bwino.

Nanga mfumu ya Buganda inachidziwa bwanji Chiswahili? Amalonda a ku Zanzibar anayamba kufika ku Buganda m'zaka za m'ma 1840, mu ulamuliro wa Suna, bambo wake wa Mutesa. Ankabweretsa nsalu ndi mfuti, n'kutenga minyanga ya njovu ndi akapolo. Ife a kuno nkhani imeneyi si yachilendo, chifukwa amalonda a mtundu womwewo ndiwo anakhazikika ku Nkhotakota pansi pa Jumbe. Mutesa anaphunzira Chiswahili, anaphunzira za Chisilamu, ndipo kwa zaka zingapo ankasala kudya mwezi wa Ramadani. Stanley sanalinso mzungu woyamba kumuona: John Speke anafika pa bwalo lomwelo mu 1862.

Mawu atatuwa akutiuza kuti chipata chija chinali chitatsegukapo kale kwa alendo ena, ndipo mfumuyi inali yozolowera kuyeza alendo. Apa m'pamene tanthauzo la "karibu" linanditembenukira. Mutesa sanali mfumu ya kuthengo yodabwa ndi khungu loyera. Anali wandale wochenjera amene anali ndi vuto lalikulu kumpoto kwake. Dziko la Iguputo linkakwera ndi mtsinje wa Nile kufuna kulanda maiko. Mu 1872 Samuel Baker, potumikira Iguputo, analengeza kuti Bunyoro, dziko loyandikana ndi Buganda, lalandidwa. Kuyambira 1874 Charles Gordon ndiye ankapitiriza ntchitoyo. Nthawi yomwe Stanley anali kwa Mutesa, kunafikanso nthumwi ya Gordon, Linant de Bellefonds, ndipo ndi iyeyu amene Stanley anamupatsira kalata ija kuti apite nayo kumpoto.

Ndiye taganizani muli Mutesa. Kumpoto kukubwera asilikali a Iguputo. Pabwalo panu pali amalonda a ku Zanzibar amene mphamvu zawo zikukula. Kenako patulukira mzungu wa mfuti zabwino, wochokera ku mbali ina, amene sakuoneka kuti ali pansi pa aliyense wa awiriwa. Kumulandira kunali kufuna bwenzi lachitatu loti lilepheretse enawo kukula mopitirira. Ndipo phindu lake linaoneka msanga, pakuti chaka chomwecho Stanley anathandiza Mutesa pa nkhondo yolimbana ndi anthu a pa zilumba za Buvuma.

Ndakatulo imanena kuti chete wa pa chipata anali chete woyeza munthu. Imanenanso kuti mfumu inachita kukwanitsa kunong'ona, ngati mawuwo anatuluka movutikira. Mfumu yaitali, yoposa mlendo wake msinkhu, pakhomo pake pomwe, n'kumanong'ona? Wolandira mlendo ndi mtima woyera sanong'ona. Amene amanong'ona ndi munthu amene wawerengera zonse, waona kuti njira ina palibe, koma mtima sukumupatsa mtendere.

Ndimakana ndithu ophunzira akalemba kuti Mutesa anapusitsidwa. Kumutcha wopusa n'kubwereza bodza la atsamunda lakuti mafumu athu ankagulitsa maiko ndi mikanda. Anawerengera bwino adani amene ankawaona. Chimene sakanatha kuona ndi kukula kwa chinthu chimene chinali kumbuyo kwa munthu wowonda uja. N'chifukwa chake mzere womaliza sukunena kuti Stanley walowa. Dzina la munthu lasowa, m'malo mwake mwalowa chigawo chonse cha dziko lapansi.

## Mutesa wina, mu 1953

Amalume anandipatsa chaka cha 1953 kuchokera ku Ntcheu. Sankadziwa kuti chaka chomwecho chili ndi nkhani inanso ku Kampala, kumene Rubadiri anali.

Rubadiri anabadwa mu 1930, ndipo sukulu anaphunzira ku Budo, pafupi ndi Kampala, m'zaka za m'ma 1940, kenako ku Makerere kuyambira 1952 mpaka 1956. Mfumu ya Buganda pa nthawiyo inalinso Mutesa, wachiwiri, mwana wa Daudi Chwa, mdzukulu wa Mwanga, wa magazi a Mutesa woyamba uja. Mu 1953 nduna ya ku Britain yoona za maiko a atsamunda, Oliver Lyttelton, inalankhula mawu osonyeza kuti maiko a kum'mawa kwa Afirika nawonso akhoza kuphatikizidwa mu chitaganya. Abaganda anali ataona zimene zachitikira Nyasaland, kumangiriridwa ku Southern Rhodesia anthu akukana, ndipo anaopa kumangiriridwa kwa azungu a minda a ku Kenya. Mutesa wachiwiri anakana, n'kufuna kuti Buganda ipatsidwe tsiku la ufulu wake. Pa 30 Novembala 1953 bwanamkubwa Andrew Cohen anamuchotsa pa mpando n'kumukweza ndege kupita ku London. Anabwerera mu Okutobala 1955, anthu ake atalimbikira osatopa.

Taonani mmene zinthu zakhalira. Mnyamata wa ku Nyasaland, amene dziko lake langokankhidwira mu chitaganya, akuphunzira pa phiri la Makerere, ndipo mumzinda womwewo mfumu yotchedwa Mutesa ikutulutsidwa m'dziko lake ndi anthu amene kholo lake linawalandira. Ndakatulo yake inali itasindikizidwa kale pofika 1963, Malawi asanalandire ufulu. Aliyense amene anaiwerenga ku Kampala m'zaka zimenezo sakanatha kumva dzina lakuti Mutesa popanda kuganiza za mafumu awiri: wina akulowetsa mlendo pa chipata, wina akutulutsidwa ndi zidzukulu za mlendoyo. Ndakatuloyo sikutchula Mutesa wachiwiri ngakhale kamodzi. Sinafunike kutero. Owerenga ake oyamba anali nayo kale nkhaniyo m'mitima.

Ife owerenga a lero tilibe zimenezo m'mutu, ndiye timalowa mu ndakatulo ngati munthu wofika pa maliro mochedwa, amene akumva anthu akuimba koma sakudziwa kuti wamwalira ndani. Nyimbo akuimva, mawu akuwazindikira, koma akhoza kuyamba kuwomba m'manja.

Rubadiri mwiniyo anamangidwa mu 1959, pa nthawi ya lamulo la dzidzidzi lomwe timalikumbukira pa 3 Malichi. Sanali munthu woonerera patali.

## Amtengatenga

Mbiri inasinthanso mmene ndimawerengera chiyambi cha ndakatuloyi. Pamene anthu akugwa n'kusiyidwa m'njira, ndakatulo imatcha mtsogoleri wa khaki uja mzimu wolimbikitsa ndi kuwala kwa chiyembekezo. Ndinkaphunzitsa mawu amenewa monga chitamando, n'kuuza ana kuti mtsogoleri wabwino sabwerera m'mbuyo.

Koma ikani mawuwo pafupi ndi mizere yoyandikana nayo. Chiweto chikugwa, chisiyidwa. Munthu akugwa, asiyidwa. Ziwirizi zanenedwa mofanana, motsatizana, ngati kuwerenga katundu wowonongeka. Mdipiti sukuima kuti ukumbe manda. Kwa ife, kusiya munthu osamuika m'manda si nkhani yaing'ono. Ndiye mtsogoleri amene akuyenda patsogolo osacheuka, kuwala kwake kukuwalira yani?

Liwu lakuti mtengatenga lili ndi mabala kuno kwathu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amuna zikwizikwi a ku Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sanabwerere. John Chilembwe analemba kalata mu 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Amalume anandiuza kuti agogo awo aamuna anapita ku mtengatenga n'kubwera ndi chifuwa chimene sichinapole. Munthu wokula ndi nkhani zotere akawerenga za mabokosi ogwa pamitu yometa, maso ake sakhala pa mzungu wa patsogolo. Amakhala pa munthu wachisanu ndi chinayi pa mzere, amene miyendo yayamba kunjenjemera. Mawu otamanda mtsogoleri aja ndi ofanana ndi mmene mabuku a azungu ankalembera za ofufuza maiko, ndipo Rubadiri wawaika pambali pa mitembo kuti wowerenga aone yekha kulemera kwake.

## Pamene ndinapitirira malire

Ndiyenera kunena za kulakwitsa kwanga kwachiwiri, chifukwa kumagwera aliyense amene wangolawa kukoma kwa mbiri. Nditaona kuti mbiri ikutsegula ndakatulo, ndinayamba kuthira mbiri iliyonse imene ndinali nayo.

Rubadiri anakhala kazembe woyamba wa Malawi ku Amereka ndi ku bungwe la United Nations mu 1964. Nduna zitasemphana ndi Dr Banda chaka chomwecho, iye anatula pansi udindo mu 1965 n'kukhala kunja kwa zaka zambiri. Tsono tsiku lina ndinauza kalasi kuti munthu wolandiridwa pa chipata uja akhoza kukhala Kamuzu, amene anthu anamuitana okha mu 1958, n'kumulandira pa Chileka, kenako chipata n'kutsekeka. Zinamveka zokoma, ana anagwedeza mitu.

Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, si paja munati inatuluka tisanalandire ufulu? Ndiye akanadziwa bwanji za 1964?"

Ananena zoona. Ndakatulo singanene za chinthu chimene chinachitika itasindikizidwa kale. Kuyambira tsiku limenelo ndimayesa tanthauzo lililonse ndi mafunso awiri. Loyamba ndi la zaka: kodi wolemba akanatha kudziwa zimenezi pamene ankalemba? Za 1875, za 1894 ndi za 1953 zikudutsa. Za 1964 zikugwa. Lachiwiri ndi la mawu: kodi pa tsambapo pali liwu limene likunyamula tanthauzoli? Kukayika kwa dziko kuli pa tsamba, kunong'ona kuli pa tsamba, Chiswahili chili pa tsamba, chipata chotsekeka chili pa tsamba. Koma wolowayo watchulidwa momveka kuti ndi woyera ndiponso kuti ndi maiko a azungu. Kuti akhale Kamuzu, uyenera kufufuta mawu a mlakatuli n'kulembapo ako.

Izi sizikutanthauza kuti munthu amene anakhala m'Malawi wa chipani chimodzi alibe ufulu womva kuwawa kwake akamawerenga za chipata chotseka. Ali nawo. Ngakhale Rubadiri, atabwerera ku Makerere monga mphunzitsi wothawa kwawo, anapeza Mutesa wachiwiri atathamangitsidwanso, ulendo uno mu 1966, ndi asilikali a boma la Milton Obote, osati azungu. Mfumuyo inakafera ku London mu 1969. Ndakatulo imakalamba pamodzi ndi owerenga ake ndipo imatola zipsera zatsopano. Chofunika n'kunena moona kuti chipsera ichi ndabwera nacho ndine, sichinali m'manja mwa wolemba. Ndikasakaniza ziwirizi ndiye kuti ndikunamizira munthu amene sangathenso kudziyankhira.

## Mmene ndimaiphunzitsira tsopano

Mitu itatu ija ndinaisiya. Masiku ano ndimayamba ndi kujambula mzere wautali pa bolodi n'kuikapo zaka zitatu zokha: 1875, 1953, ndi chaka chimene tili. Pansi pa chilichonse ndimalemba funso limodzi lomwelo: munthu wa chaka chimenechi akudziwa chiyani chimene wa chaka cham'mbuyo sankadziwa? Kenako timawerenga ndime yomaliza katatu, ulendo uliwonse titaima pa chaka china. Zimatenga mapiriyodi awiri m'malo mwa imodzi, ndipo nthawi zina silabasi imandithamangitsa, koma sindibwereranso ku njira yakale.

Pa kuwerenga koyamba ndimawauza za mabwato, mfuti ndi ng'oma za pa doko, n'kuwafunsa kuti apeze zimene mlakatuli wachotsa. Amazipeza msanga, ndipo amakangana okhaokha ngati kuchotsako kuli kunama kapena ayi. Mkangano umenewo ndimausiya utenthe. Mnyamata wina ananena kuti agogo ake akamasimba za njala ya 1949 satchula kuti chaka chimenecho kunalinso maukwati, koma palibe amene amawatcha abodza. Sindinawonjezerepo kanthu.

Pomaliza ndimatuma ana awiri, wamtali ndi wamfupi, kuti atuluke panja n'kutseka chitseko cha kalasi. Otsalafe timakhala chete mphindi imodzi yathunthu, tikuyang'ana chitsekocho. Mphindi imodzi ndi yaitali m'kalasi ya ana makumi asanu ndi awiri. Ena amayamba kuseka, kenako kusekako kumatha kokha. Nthawi zonse pamapezeka wina amene amafunsa monong'ona kuti, "Kodi akukambirana chiyani kunjako?"

Amalume anamwalira chaka chathachi. Ulendo womaliza umene ndinawaona ndinawafotokozera za Mutesa wachiwiri ndi ndege ya pa 30 Novembala, zimene anali asanamvepo. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti Gomani ndi Mutesayo ankadziwana kodi. Ndisanayankhe anagwedeza mutu okha, n'kunena kuti nditenge buku lija ndiwawerengerenso, kuyambira pamene ana akusuzumira pa mpanda.